Zochita pamene mantha osiyidwa akugwirani

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 26. Nthawi ya 5 koloko madzulo watumizira bwenzi lake uthenga wakuti, "Uweruka nthawi yanji?" Foni yaonetsa kuti uthengawo wawerengedwa, koma yankho palibe. Patapita mphindi 20 m'mimba mwayamba kupota, m'manja muli thukuta. Pofika 6 koloko watumiza mauthenga ena 12, woyamba wofunsa mwaulemu, wotsiriza wakuti, "Ngati watopa nane ungonena, ndinadziwa kale." Wayesa kuimba kasanu. Kenaka wamubuloka, wafufuta zithunzi zawo, ndipo wakhala pansi akudzimva ngati chikopa chopanda munthu mkati. Nthawi ya 7 koloko mnyamatayo afika pakhomo, foni inali m'thumba, iye anali pamsonkhano wa kuntchito umene unatalika. Mtsikanayo agwidwa ndi manyazi aakulu kuposa mkwiyo uja, ndipo ayamba kupepesa akulira, akulonjeza kuti sadzachitanso. Sabata yotsatira zichitikanso.

Amene amaonera kumbali amati ndi nsanje, kapena kufuna kulamulira mnzake. Ine sindivomereza zimenezo. Zimene zachitika m'maola awiriwa ndi chithunzi chenicheni cha vuto limene madokotala a maganizo amalitcha bodalaini. Buku lawo lotchedwa DSM-5, limene linatuluka mu 2013, limatchula zizindikiro 9, ndipo munthu amayenera kukhala ndi zosachepera 5 kuti anenedwe kuti ali nalo. Ziwiri mwa izo ndi zimene zimamasulira nkhani ya mtsikanayu: kuyesetsa mwamphamvu kuti asasiyidwe, kaya kusiyidwako n'koona kapena n'kongoganizira, ndiponso kusakhazikika pa funso lakuti "ine ndine ndani".

Ziwirizi n'zolukana. Munthu wina akakangana ndi wokondedwa wake amawawidwa mtima, koma amadziwabe kuti mawa adzadzuka ali yemwe uja, ndi ntchito yake, anzake ndi zimene amakhulupirira. Wa vutoli amadzidziwa kudzera m'maso a mnzake. Akamusekerera ndiye kuti ndi munthu wabwino, akangokhala chete ndiye kuti ndi woipa, mwinanso palibe n'komwe. Nchifukwa chake chete wa maola awiri samveka ngati kuchedwa kwa yankho, amamveka ngati kuzimirira. Kumuuza munthu wotere kuti kuona maso a nkhono n'kudekha sikumuthandiza, pakuti kudekhako n'kumene kwamuthawa. Akufunika zoti achite ndi manja ndi thupi lake, motsatana. Ndalemba izi kwa inu amene mwadziona mwa mtsikana uja, kaya ndinu mwamuna kapena mkazi.

Yambani ndi kuzindikira kuti zayamba

Mantha amenewa amayambira m'thupi maganizo asanapeze mawu. Ena amamva chifuwa kuthina, ena kutentha kumaso, ena miyendo kufooka kapena makutu kulira. Pa tsiku limene mtima uli m'malo, kumbukirani maulendo atatu omaliza ndipo mulembe chimene thupi linayamba kuchita. Chimenecho ndiye belu lanu. Likalira, dzipatseni nambala kuyambira 0 mpaka 10, kumene 10 ndi pamene mutu sukugwiranso. Ndiye mudziikire lamulo limodzi lokha: nambala ikapitirira 7, simutumiza uthenga, simuimba, simubuloka, simuthetsa chilichonse. Ikani foni m'chipinda china. Lamuloli silikunena kuti mantha anu ndi abodza. Likungonena kuti zimene mungasankhe pa 8 kapena 9 mudzazinong'oneza bondo, monga mwaonera kale.

Tsitsani thupi musanayambe kudzitsutsa

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amayamba kudziuza kuti "usaganize choncho", pamene mtima ukugunda ngati wathamanga mtunda wautali. Ubongo umene uli pa mantha aakulu sumva zifukwa. Marsha Linehan, katswiri wa zamaganizo wa ku yunivesite ya Washington amene anakonza chithandizo chotchedwa DBT, anaphunzitsa njira zofikira mtima kudzera m'thupi, ndipo yofulumira kwambiri ndi ya madzi ozizira.

Thirani madzi ozizira m'beseni. Kokani mpweya, muugwire, weramani ndi kuviika nkhope kuti madzi afike pamphumi, m'maso ndi m'masaya kwa masekondi 15 mpaka 30. Dzukani, pumani, bwerezani kawiri kapena katatu. Thupi la munthu likamva kuzizira pankhope mpweya utagwidwa, limachita ngati lalowa pansi pa madzi, ndipo limachepetsa kugunda kwa mtima palokha. Ngati beseni palibe, nsalu yonyowa ndi madzi ozizira yoikidwa pamaso ndi pamasaya imathandizako. Koma chenjerani: amene ali ndi matenda a mtima, amene amamwa mankhwala ochepetsa kugunda kwa mtima, ndi amene thupi lafooka chifukwa chodzimana chakudya asachite izi asanafunse dokotala.

Mukatero, pumani mowerenga. Kokani mpweya mpaka kuwerenga 4, muutulutse pang'onopang'ono mpaka 6 kapena 8. Chinsinsi chili pa kutulutsa motalika kuposa kukoka. Chitani kwa mphindi 5. Ngati thupi likufunabe kuthamanga, lipatseni zimene likufuna: yendani mofulumira, dumphani, kwerani ndi kutsika masitepe kwa mphindi 10 mpaka mutuluke thukuta. Kenaka dziyeseninso. Mtsikana uja akanachita izi pa 5:20, mwina akanatsika kuchoka pa 9 kufika pa 6. Pa 6 pamawawabe, musayembekezere kumva bwino. Koma pa 6 munthu amatha kuganiza. Mpumulo wa madzi sukhalitsa, ndiye gwiritsani ntchito mpata umenewo mwamsanga pa chotsatirachi.

Mowa ndi mapiritsi ogonetsa amaoneka ngati akuchita ntchito yomweyi. Sachita. Amachotsa mabuleki pamene mukuwafuna kwambiri, ndipo usiku umene unayenera kutha ndi kulira umatha ndi bala.

Lekanitsani chimene chachitika ndi chimene mwamasulira

Tengani pepala, mulembe mzere pakati. Kumanzere lembani zokhazo zimene kamera ikanajambula. Kwa mtsikana uja ndi izi: uthenga unapita 5 koloko, unawerengedwa, papita mphindi 40 osayankhidwa. Basi. Kumanja lembani zimene mutu ukunena: watopa nane, wapeza wina, wazindikira kuti ndine wachabe. Mukaziona zili papepala mudzadabwa kuti kumanzere kuli mizere itatu yaifupi, kumanja kuli mlandu wonse, woweruza ndi chilango chomwe.

Tsopano pezani zifukwa zina zitatu zimene zingafotokoze za kumanzerezo. Ali pamsonkhano. Akuyendetsa galimoto. Anawerenga ali pakati pa ntchito, n'kuiwala. Simukufunika kuzikhulupirira, ndipo musadzikakamize kutero. Cholinga n'chakuti ganizo lakuti "wandisiya" likhale limodzi mwa anayi, lisakhale lokha m'chipinda. Funso lomaliza ndi limene limathandiza kwambiri: pa maulendo khumi apitawa pamene ndinamva chonchi, ndi kangati pamene anali atandisiyadi?

Pali chinthu china chimene chimachitika panthawiyi chofunika kuchigwira. Munthu amene m'mawa anali mngelo, madzulo wasanduka mdani, ndipo zabwino zonse zimene anachita zafufutika ngati sizinachitikepo. Si kuti mukunama. Mtima ukatentha umalephera kunyamula zinthu ziwiri zosiyana za munthu mmodzi. Muuthandize polemba chiganizo chokhala ndi mbali zonse ziwiri: "Sanandiyankhe ndipo zikundiwawa, komanso ndi yemwe uja anandiperekeza kuchipatala mwezi watha." Chitaninso chimodzimodzi za inu mwini: "Ndatumiza mawu oipa, komanso ndine munthu amene akuyesetsa kusintha."

Ndinene mosabisa kuti nthawi zina pepalalo lidzatsimikiza mantha anu. Anthu amasiyadi anzawo, ena amanama, ena amakhala chete dala kuti akulangeni. Kukhala ndi vutoli sikutanthauza kuti nthawi zonse wolakwa ndinu. Ngati kumanzere kwa pepala kukudzaza ndi zinthu zooneka, monga kumenyedwa, kutukwanidwa kapena kuopsezedwa, nkhaniyo si ya kupuma mowerenga ayi. Mukufunika munthu wachitatu wodalirika woti muone naye zimenezi, chifukwa mantha osiyidwa omwewa ndi amene amagwira anthu m'manja mwa owazunza kwa zaka zambiri.

Uthenga umodzi, wonena chimene mukufuna

Nambala ikatsika pansi pa 7, mungathe kutenga foni. Uthenga ukhale umodzi, ndipo ukhale ndi zinthu zitatu: chimene chachitika, mmene mukumvera, ndi pempho laling'ono lotheka. Mtsikana uja akanalemba kuti: "Sunandiyankhe kuyambira 5 koloko ndipo mantha aja andigwira. Ukapeza mpata ungondiuza kuti uli bwino." Yerekezani ndi uja wakuti "ngati watopa nane ungonena". Onse awiri akuchokera pa bala limodzi, koma woyamba ukuitana munthu kuti ayandikire, pamene wachiwiri ukumuika pa mlandu, ndipo woimbidwa mlandu amadziteteza kapena kuthawa. Apa ndi pamene pali chisoni cha vutoli: zimene munthu amachita kuti asasiyidwe, monga kuimba kosalekeza, kuyesa mnzake, kapena kuthetsa chibwenzi iye asanathetsedwe, n'zimene zimatopetsa mnzakeyo mpaka kuchokadi.

Mukatumiza, dziikireni nthawi yoti mudzayang'anenso foni, mwachitsanzo pakatha mphindi 30, ndipo pakati apo manja akhale ndi chochita. Kuyang'ana mphindi iliyonse ngati ali pa intaneti kumakhala ngati kukanda chilonda.

Pa tsiku labwino, pangani pangano ndi munthuyo. Malonjezo aakulu monga "sindidzakusiya mpaka kalekale" amatonthoza usiku umodzi, mawa mantha amafunanso lina. Chimene chimagwira ntchito ndi chinthu chaching'ono chosasinthasintha chimene iye angalonjeze: "Ndikakhala wotanganidwa ndidzalemba mawu awiri okha, ndipo tidzalankhula 8 koloko." Mumufotokozerenso kuti safunika kuvomera mlandu kuti akutonthozeni. Angathe kunena kuti, "Ndikuona kuti unachita mantha kwambiri, pepa kuti unavutika. Koma sindinakutaye, ndinali pamsonkhano." Ndipo ali ndi ufulu wonena kuti akatukwanidwa adula foni n'kuimbanso pakatha ola. Malire oterewa amawawa poyamba, koma munthu akadula n'kuimbadi pa nthawi imene ananena, mtima wanu umaphunzira chinthu chimene mawu sangauphunzitse, chakuti kuchoka kwina kumakhala ndi kubwerera.

M'mawa mwake, tsatani mapazi

Kaya zinayenda bwino kapena zinalephereka, tsiku lotsatira khalani pansi mphindi 15 ndi kulemba ndondomeko yonse kuyambira kumbuyo. Manyazi adzakuuzani kuti mungoiwala. Musamvere. Mtsikana uja atatsata, akanapeza kuti nkhani sinayambe 5 koloko. Usiku wathawo anagona maola anayi okha, masana sanadye, ndipo abwana ake anamudzudzula pamaso pa anzake. Anafika pa uthengawo ali kale pa 5. Kenaka alembe mfundo iliyonse: kuona kuti wawerenga, m'mimba kupota, ganizo lakuti "watopa nane", kutsegula tsamba lake kuti aone ngati wayankha ena, uthenga wachiwiri, wachitatu, kubuloka. Pa mfundo iliyonse adzifunse kuti apa ndikanachita chiyani china. Kawirikawiri malo osavuta kudulapo amakhala koyambirira, pa tulo, pa chakudya, ndi pa kutsegula tsamba lija. Mukachita izi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mudzayamba kuona kuti njira yake ndi yomweyo pafupifupi nthawi zonse.

Ngati munalakwira munthu, pepesani kamodzi, mutchule chimene munachita, ndipo munene chimene mudzayese ulendo wina. Kupepesa kwa tsiku lonse kodzitukwana kumamusandutsa iye wokutonthozani, ndipo kumakubwezerani pa mantha omwe aja.

Ntchito yaitali: kumanga inu amene amatsala ena akachoka

Zonse ndanenazi ndi zozimitsa moto. Koma ngati moyo wanu wonse waima pa mzati umodzi, mzatiwo ukangogwedezeka nyumba yonse imanjenjemera. Anthu ambiri a vutoli amasimba kuti amasintha malinga ndi amene ali naye: nyimbo, kavalidwe, zolinga, ngakhale chikhulupiriro. Chibwenzi chikatha sadziwanso chimene amakonda, amangomva dzenje mkati.

Musayambe ndi funso lalikulu lakuti "ndine ndani", lidzakumizani. Yambani ndi umboni. Lembani zinthu zisanu zimene zakhala nanu kwa zaka, mosasamala kuti munali ndi ndani. Zingakhale zazing'ono: mumakonda kuimba mukamachapa, simupirira kuona mwana akuzunzidwa, manja anu amadziwa kukonza zinthu. Sankhanipo ziwiri ndi kuzipatsa tsiku ndi ola pa sabata, ndipo muzichita kaya mwagwirizana ndi wokondedwa wanu kaya mwayambana. Mfundo yake ili pamenepo. Kudzidziwa kumamera pa zinthu zimene munthu amabwereza ngakhale mtima ukusinthasintha. Masabata oyamba mudzamva ngati mukungochita sewero, ndipo zimenezo si chizindikiro chakuti zalephereka.

Zosankha zazikulu, monga kusiya ntchito, kusamuka kapena kulowa m'banja, zipatseni masabata awiri kuchokera tsiku limene ganizo labwera. Likakhalapobe pa masiku abwino ndi oipa omwe, mwina ndi lanudi. Ndipo gawani katundu: pakhale anthu awiri kapena atatu amene mungawaimbire, kuti munthu mmodzi asakhale dokotala, kholo ndi mpweya wanu nthawi imodzi. Phunziraninso kukhala nokha pang'onopang'ono, mphindi 20 foni itazimitsidwa, kenaka 40, kenaka ola, mukulemba nambala yanu poyamba ndi pomaliza kuti muone ndi maso anu kuti mantha amakwera n'kutsika okha.

Pamene izi sizikwanira

Ngati maganizo odzipha abwera, kapena mwayamba kudzicheka kapena kudziwotcha, musakhale nazo nokha usiku umenewo. Uzani munthu wapafupi mawu ake enieni, mumupatse mankhwala, zingwe ndi zakuthwa kuti asunge, ndipo mupite kuchipatala. Anthu ena amati zimenezi ndi kungofuna kuonedwa. Kuzipeputsa motero kwaphetsa anthu. Chiopsezo cha kudzipha pa vutoli ndi chenicheni, ndipo chimakula pamene chibwenzi chatha kumene kapena munthu wamwa mowa.

Musadzipatse nokha dzina la matendawa chifukwa cha zimene mwawerenga pano. Ndi katswiri wa maganizo amene angasiyanitse vutoli ndi ena ofanana nalo, makamaka bayipola ndi mabala a mumtima otsalira pa zoopsa zimene munthu anakumana nazo. Chosiyanitsa chimodzi ndi nthawi: pa bodalaini mtima umasintha m'maola ochepa, kawirikawiri chifukwa cha chimene chachitika pakati pa inu ndi munthu wina, pamene pa bayipola kukwera kapena kutsika kwa mtima kumatenga masiku ambiri kapena masabata. Kusiyanaku n'kofunika chifukwa chithandizo chake n'chosiyana. Palibe piritsi lochiza bodalaini. Mankhwala angathandize matenda ena oyenda nalo limodzi, monga kuvutika maganizo kwakukulu, koma chithandizo chenicheni ndi cha kulankhulana ndi kuphunzira maluso. DBT yathunthu imakhala ndi kukumana ndi mlangizi kamodzi pa sabata ndiponso kalasi ya gulu kamodzi pa sabata, ndipo maphunziro a gululo amatenga masabata 24, amene nthawi zambiri amabwerezedwa kuti chikwane chaka. Palinso MBT, imene anakonza Anthony Bateman ndi Peter Fonagy, yophunzitsa munthu kuima kaye ndi kufunsa chimene chili m'maganizo mwake ndi mwa mnzake m'malo mongotsimikiza.

Mwina munamvapo kuti vutoli silichoka. Kafukufuku amene anatsogolera Mary Zanarini pa chipatala cha McLean ku America anatsata odwala 290, ndipo patatha zaka 10, anthu 93 pa 100 alionse anali atakhalapo zaka ziwiri kapena kuposa zizindikiro zawo zitachepa moti sakanatchedwanso odwala matendawa. Chimene chinkachedwa ndi kukhazikika pa ntchito ndi pa maubwenzi, kumene pafupifupi theka ndi amene anafikako m'zaka zimenezo. Kudzivulaza ndi kuchita zinthu mopupuluma kumayamba kuchepa msanga, pamene kuopa kukhala wekha ndi dzenje lija zimatsalira nthawi yaitali. Linehan mwiniwake anaulula mu 2011 kuti ali mtsikana anagonekedwa m'chipatala cha amisala kwa nthawi yoposa zaka ziwiri, akudzicheka ndi kufuna kufa.

Choncho poyesa ngati mukupita patsogolo, musayang'ane ngati mantha atha, chifukwa adzabwerabe. Yang'anani zinthu zowerengeka: mauthenga anali 12, tsopano ndi 3, kutsika kuchoka pa 9 kunkatenga usiku wonse, tsopano kukutenga ola, mwezi uno simunabuloke aliyense. Mapepala amene mwakhala mukulemba aja musawataye. Mukapita kukaonana ndi mlangizi ulendo woyamba, tengani awiri kapena atatu, limodzi ndi mndandanda wa mankhwala alionse amene mukumwa, ndipo mumufunse mwachindunji ngati anaphunzira kuthandiza anthu a vutoli, mudzakumana kangati, komanso muzichita chiyani zikakuvutani pakati pa sabata iye kulibe.